Kukhoma makabati a kukhitchini pamzere umodzi: levulo ndi chingwe

Makabati asanu akapachikidwa pakhoma, diso siliyang'ana lililonse palokha, limatsata mzere wa pansi ndi mipata ya zitseko. Limodzi likangotsika ndi mamilimita 4, mlendo aliyense aliona. Chimene ndimauza anyamata amene ndimagwira nawo ntchito n'chakuti levulo ndi chingwe zili ndi ntchito zosiyana. Levulo imakuuzani ngati mzere wapendama. Chingwe chimakuuzani ngati khoma lili ndi mimba kapena dzenje. Ambiri amakoka chingwe kuti apeze levulo, n'kuiwala kuti chingwe chimagwa pakati ngakhale mutachikoka chotani.

Ndifotokoza ndi ntchito imene tinagwira m'nyumba ina ku Chalala, mumzinda wa Lusaka. Khoma linali la mabuloko a simenti, lotalika mamita 3.2, ndipo makabati anali asanu, opangidwa ku Kalingalinga, lililonse mamilimita 600 m'lifupi ndi 300 kuchoka kukhoma kufika kutsogolo.

Yambani mwayesa levuloyo. Iikeni patebulo, muone pamene kathovu kaima, kenako muitembenuze, mbali ya kumanja ipite kumanzere, pamalo omwewo. Kathovu kayenera kuima pamene kanaima poyamba. Ngati kasuntha, levuloyo imanama, kabwerekeni ina. Levulo yolakwitsa milimita imodzi pa mita imodzi imakutayitsani mamilimita 3 pakhoma ngati limeneli. Yaitali, ya mamita 1.2, ndi imene ndimakonda. Kaifupi ka m'thumba kaja n'kopachikira zithunzi.

Kenako funani pamene pansi pakwera kwambiri m'mbali mwa khomalo. Gonekani thabwa loongoka pansi, levulo pamwamba pake, muziyenda nazo. Ku Chalala kuja pakona ya kumanzere panali pokwera ndi mamilimita 12 kuposa kumanja, ngakhale matailosi ankaoneka osalala. Tikanayeza ndi tepi kuchokera pansi mbali zonse ziwiri, makabati akanatsetsereka ndi mamilimita 12 omwewo. Choncho tepi imagwira ntchito kamodzi kokha, pamalo okwerawo. Tinayeza mamilimita 1,400: 900 a makabati a pansi ndi thabwa lake la pamwamba, ndi 500 a mpata wogwiriramo ntchito. Pamwamba pa chitofu pamafunika mpata woposa pamenepa, ndipo ngati pali chokoka utsi tsatirani muyeso wa pa pepala lake.

Pamsinkhu wa 1,400 uja ikani kadontho, pamene padzakhale pansi pa makabati a pakhoma. Kuchokera pa kadontho kamodzi kameneka, jambulani mzere ndi levulo. Pensulo ikhale yosongoka. Mukafika pamapeto a levulo, ikani kadontho, tembenuzani levulo, muyambire pakadonthopo. Kutembenuzaku kumachititsa kuti kolakwika kakang'ono ka ulendo woyamba kabwezedwe ndi ka ulendo wachiwiri. Pansi pa mzerewo khomani thabwa loongoka, m'mphepete mwake mwa pamwamba mugunde mzere ndendende. Makabati adzakhala pathabwali pamene mukubowola, ndipo mukamaliza mulichotsa. Matabwa ena a kumsika wa Buseko amakhala aawisi, amapindika, ndiye liyang'aneni ndi diso limodzi kuchokera kumapeto musanalikhulupirire.

Tsopano chingwe, ndipo apa m'pamene ntchito imakomera kapena kuipira. Dulani timatabwa titatu tofanana, tokhuthala mamilimita 20. Khomani misomali ya konkire iwiri kumapeto onse a mzere wa makabati, pamsinkhu pamene padzadutse masikuluwu a pamwamba. Kokani chingwe cha omanga nyumba mwamphamvu pakati pa misomaliyo, ndipo kumapeto kulikonse lowetsani kathabwa kamodzi pakati pa khoma ndi chingwe. Chingwe tsopano chatalikira khoma ndi mamilimita 20 mbali zonse ziwiri. Tengani kathabwa kachitatu muziyenda nako m'mbali mwa khoma. Pamene kakukankha chingwe, khoma latuluka mimba. Pamene kakusiya mpata, khoma lalowa. Apa kugwa kwa chingwe pakati sikusokoneza kanthu, chifukwa mukuyeza cham'mbali, osati chokwera.

Yezani mpatawo ndi tepi pamene makabati adzakumane, mulembe manambala pakhoma pomwepo. Ife tinapeza 20 pakona, kenako 17, 12, 18, 25, ndi 20 kumapeto. Nambala yaing'ono kwambiri, 12, ndiyo mimba ya khoma, ndipo ndiyo imalamula, poti simungakankhire kabati m'kati mwa pulasitala. Chotsani 12 pa nambala iliyonse, yotsalayo ndiye kukhuthala kwa kathabwa koika kumbuyo kwa kabati pamalopo: 8 pakona, 5, palibe, 6, 13, ndi 8 kumapeto. Chitaninso chimodzimodzi cha m'munsi, pafupi ndi thabwa lija, chifukwa pulasitala wa pamanja sakhala wofanana pamwamba ndi pansi. Timatabwa timeneti timadula ku zotsala za pulayiwudi ndi hadibodi, kusanjikiza mpaka muyeso ukwane. Makatoni ayi, amafwamphuka pakapita miyezi.

Mukapanda kutseka mipata imeneyi, sikuluwu imakoka msana wa kabati kuti ukagunde khoma, bokosi lonse limapotoka, ndipo chitseko chimodzi chimatuluka, china chimalowa. Mwini nyumba amadzudzula mahinjesi, pamene vuto lili kumbuyo.

Musanabowole, yang'anani masoketi ndi maswitchi. Mapaipi a mawaya nthawi zambiri amakwera molunjika kuchokera pamenepo kupita kudenga, ndiye musabowole pamzere umenewo, ndipo zimitsani magetsi a kukhitchini pabokosi lalikulu. Kuzima kwa magetsi a ZESCO si chitetezo, amabwera osagogoda.

Chotsani zitseko ndi mashelefu, muyambe ndi kabati la pakona. Mmodzi aligwire litakhala pathabwa, wina abowole kudzera pa thabwa lolimba la m'kati, osati pa kabolodi kopyapyala ka kumsana, kamene sikanyamula kanthu. Mabuloko athu ambiri ndi amphako. Mukamva chobowolera chagwera m'phako mwadzidzidzi, dziwani kuti pulagi yaifupi igwira pang'ono chabe. Gwiritsani ntchito mapulagi aatali, okhuthala mamilimita 8 kapena 10, opangira khoma lamphako, kapena sunthani pang'ono mpaka mupeze polimba. Buloko likamatuluka ngati mchenga, pamenepo musadalirepo. Kabati lililonse lilandire masikuluwu anayi, ndipo musawamange mpaka mapeto, asiyeni olefuka pang'ono.

Kabati lachiwiri likhale pathabwa, kutsogolo kwake kufanane ndi loyamba mpaka chala chisamve polumikizira. Agwireni ndi kilampu, muwalumikize m'mbali. Mabolodi a mamilimita 16 awiri amakwana 32, choncho sikuluwu ya 30 ndiyo malire, yoposa pamenepo itulukira mbali inayo. Pitirizani mpaka lachisanu.

Onse akakwera, chingwe chibwerenso, tsopano kutsogolo. Chikokeni m'munsi kuchokera pa kabati loyamba kufika pa lomaliza, timatabwa ta mamilimita 20 tija tili kumapeto, ndipo kachitatu kayende pa kabati lililonse. Kenako mangani masikuluwu pang'onopang'ono, levulo itaimirira kutsogolo kwa kabati kuti muone ngati silikuweramira kutsogolo kapena kugonera kumbuyo. Ku Chalala kabati lachinayi linathawa chingwe ndi mamilimita 2 titamanga, chifukwa timatabwa ta padzenje paja tinafinyika. Tinamasula, tinawonjezera kachidutswa kopyapyala, n'kumanganso.

Mayi a panyumbapo anatifunsa kuti, "Abambo, nanga mabowo a thabwali atsala choncho?" Amatsekedwa ndi fila, ndipo ngati pakhomapo padzaikidwa matailosi, sadzaonekanso. Mukachotsa thabwa, ikani levulo pansi pa makabati, idutse polumikizira paliponse, muone ngati palibe limene latsika. Zitseko zibwerere pomaliza, ndipo tisikuluwu ta pamahinjesi tigwire ntchito yongofananitsa mipata, mamilimita 3 pakati pa chitseko ndi chinzake.