Chifukwa chake avareji ya kalasi inatsika

Nditawonkhetsa malikisi a ophunzira 7 n'kugawa ndi 7, avareji inatuluka 55, pamene asanu mwa iwo anapeza 60 kapena kupitirira. Malikisi ake anali 12, 48, 60, 62, 65, 65, 73. Ndinawerengeranso pa kakyuleta, yankho silinasinthe: 385 kugawa ndi 7 ndi 55 basi. Masamu analibe vuto.

Chimene chinandithandiza ndi kundandalika malikisi kuyambira ochepa mpaka ochuluka. Pompo ndinaona kuti 12 uja ali kutali ndi anzake, ndipo ndiye akukokera avareji pansi, popeza avareji, imene ena amaitcha mini, imawerengera nambala iliyonse. Kenaka ndinatenga nambala yokhala pakati penipeni, yachinayi, 62. Imeneyi ndiyo midiyani, ndipo 12 uja akanakhala 0 kapena 40, siikanasuntha. Ophunzira akakhala 8, mumatenga nambala ziwiri zapakati, kuziphatikiza, n'kugawa ndi 2. Koma musanandandalike, midiyani imatuluka yolakwika.

Modi ndi nambala yobwera kawirikawiri, apa 65, koma pa ophunzira ochepa chonchi sindiidalira kwenikweni. Pa lipoti ndinalemba midiyani 62, avareji 55 pambali pake.