Eni nyumba akakakamira depoziti yanu: momwe mungaitsatire mpaka ibwere

Nditasamuka m'nyumba yomwe ndinakhalamo zaka 3, ndinadikira depoziti yanga milungu isanu. Ndikaimba foni eni nyumba ankati akaone kaye nyumbayo. Mapeto ake ananditumizira uthenga wa mizere isanu: kupenta nyumba yonse, kukolopa, loko wa chitseko chakumaso, galasi la zenera, bilu ya madzi. Nditawonkhetsa, ndalama zake zinakwana ndendende depoziti yanga, osatsala ngakhale kakobiri. Zikakwana ndendende chonchi dziwani kuti munthu anayamba wayang'ana ndalama yomwe wagwira, kenako n'kumafunafuna zoti alembe.

Kuti masamu asavute, tinene kuti lendi inali 100 pamwezi ndipo depoziti inali ya miyezi iwiri, 200. Anadula chonchi: penti 120, kukolopa 30, loko 20, galasi 15, madzi 15.

Musanakangane ndi aliyense, mvetsani chinthu chimodzi. Depoziti ndi ndalama yanu yomwe eni nyumba akungosunga ngati chikole. Iwo ndi amene ayenera kusonyeza chifukwa chodulira, chinthu ndi chinthu. Mukalankhula ngati munthu wopempha thandizo, adzakuyankhaninso ngati wopempha.

Yambani ndi kufunafuna mapepala anu: mgwirizano umene munasaina polowa, lisiti la depoziti, malisiti a lendi, ndi mauthenga onse omwe munatumizirana. Mumgwirizanomo werengani ndime yonena za depoziti. Onani ngati ikunena masiku omwe ayenera kubwezera, ndiponso ngati munalonjeza kupenta nyumba potuluka. Ena amasaina zimenezi osawerenga, ndiye ngati ndimeyo ilimo nkhani ya penti imalimba kumbali yanu, ngakhale kuti malamulo a malo ena salola ndime zotere. Mwa ine munalibe. Munangolembedwa kuti ndisiye nyumba mmene ndinaipezera, kupatula kutha kwa zinthu kobwera chifukwa chozigwiritsa ntchito.

Mawu amenewo ndiwo mtima wa nkhani yonse. Pali kutha, pali kuwononga. Penti kufwifwa ndi dzuwa, khoma kuda pang'ono pafupi ndi swichi, mpopi kuyamba kudontha chifukwa kalabala kamkati katha, loko kulimba patapita zaka: kumeneko ndi kutha, ndipo lendi yomwe munkalipira mwezi ndi mwezi ndiyo imalipirira zimenezo. Galasi losweka ndi mpira, chitseko chothyoledwa mutataya kiyi, sinki yong'aluka chifukwa mwagwetserapo mphika: kumeneko ndi kuwononga, ndipo n'kwanu. Chuku cha pakhoma chimavutirapo. Ngati chabwera chifukwa denga likudontha ndipo munawauza, n'cha eni nyumba. Ngati munkayanika zovala m'chipinda mazenera ali chitsekere, adzakulozani chala inu.

Tsopano pomwe ine ndinalakwitsa, ndipo ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ndalama zanga zinatayikira.

Tsiku losamuka ndinali wotopa. Galimoto ya katundu inali ikudikira panja, woyendetsa akuliza hutala, ana ali ndi njala. Eni nyumba anati ali kutali, ndingosiya makiyi kwa munthu amene amawayang'anira pamalopo. Ndinasiyadi. Sitinayende limodzi m'nyumbamo, sindinalembetse kanthu, ndipo zithunzi zomwe ndinajambula zinali za pabalaza ndi zipinda zogona zokha, chifukwa ndi momwe munkaoneka bwino. Kukhitchini sindinajambule. Mita ya madzi sindinaiganizire n'komwe.

Mukangopereka makiyi, chilichonse chochitika m'nyumbamo atha kukukankhirani inu ngati mulibe umboni wa mmene munaisiyira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti amisiri anagwiramo ntchito masiku angapo, akutsukira mabulashi musinki ndi kutunga madzi pampopi womwewo. Koma ndikanatsimikiza bwanji? Khitchini ndinaikolopa ndi manja angawa usiku woti mawa ndisamuka, mpaka kupala mafuta kuseri kwa chitofu, koma mawu anga okha analibe mphamvu pamaso pa chithunzi chomwe iwo anajambula patatha sabata, chosonyeza sinki yakuda bii.

Choncho ngati simunatuluke, chitani izi. Pemphani tsiku loyendera limodzi nyumba, ndipo pemphani polemba uthenga, osati pakamwa. Katundu yense atuluke kaye, chifukwa kabati ikaima pakhoma adzati mumabisa china chake. Jambulani vidiyo imodzi yosadukiza kuyambira pakhomo, chipinda ndi chipinda: makoma, siling'i, pansi, mkati mwa makabati a kukhitchini. Tsegulani mipopi ioneke ikutuluka madzi, gujumulani chimbudzi, yatsani magetsi, tembenuzani kiyi m'loko aliyense. Mukamaliza jambulani mita ya madzi ndi ya magetsi pafupi, manambala awerengeke. Eni nyumba akabwera, lembani papepala zomwe nonse mwaona kuti zawonongeka, musaine nonse awiri, aliyense atenge lake. Akapanda kubwera, itanani munthu wina wamkulu akhale mboni, ndipo muwatumizire vidiyoyo tsiku lomwelo ndi mawu oti makiyi mwapereka kwa uje, nthawi yakuti. Kutumizako ndi komwe kumatsimikiza tsiku. Chithunzi chongokhala mufoni mwanu munthu atha kunena kuti n'chakale.

Ngati munatuluka kale ngati ine, musataye mtima msanga. Fufuzani mufoni zithunzi zakale: za tsiku lobadwa la mwana, za alendo, chilichonse choonetsa khoma kapena pansi kumbuyo kwa anthu. Ine ndinapeza chithunzi cha sabata yoyamba nditangolowa, chikuonetsa kuti penti ya pabalaza inali yothothoka kale m'munsi.

Kenako pemphani mndandanda wa zomwe adula, chilichonse ndi mtengo wake, pamodzi ndi malisiti. Apa chenjerani ndi koteshoni. Koteshoni imangonena zomwe mmisiri akufuna kudzalipiritsa, pomwe lisiti limanena zomwe zalipiridwa. Yanga ya penti inalembedwa pamanja, yopanda dzina la bizinesi, yopanda nambala ya foni, yopanda kuchuluka kwa zitini, yangoti kupenta nyumba. Alipo amisiri amene amalemba mtengo uliwonse womwe wowatuma wanena, makamaka akakhala achibale kapena akamayembekezera ntchito ina kwa munthu yemweyo. Njira yachidule ndi kufunsa amisiri awiri a kwina, kuwauza kukula kwa zipinda, akulembereni mtengo wawo. Pemphani kuti alekanitse ndalama ya penti ndi ya ntchito. Musapite kwa mnzanu woti akulembereni mtengo wotsika mwadala, chifukwa zikaululika umboni wanu wonse udzakayikiridwa.

Penti ndiyo inali ndalama yaikulu, ndiye ndinaiwerengera mofatsa. Mfundo yake ndi yakuti eni nyumba sayenera kupindula ndi ndalama yanu, kupeza chatsopano pomwe anakupatsani chakale. Penti ya mkati mwa nyumba ya lendi anthu ambiri amaiwerengera kuti imakhala zaka 3 mpaka 5. Iwo eni anavomera mu uthenga kuti anapenta chaka chimodzi ndisanalowe, ndiye potuluka ine pentiyo inali ndi zaka 4. Nditatenga zaka 5, chinatsala chaka chimodzi chokha. Komanso pa zipinda zinayi, chomwe ndinawonongadi chinali chimodzi, momwe mwana wanga anajambula khoma ndi cholembera chosafufutika. Ndiye 120 kugawa zipinda 4 ndi 30. Pa 30 imeneyo gawo langa ndi chaka chimodzi pa zisanu, chomwe ndi 6. Kuchoka pa 120 kufika pa 6. Si lamulo lolembedwa paliponse kuti zaka zikhale 5, koma munthu akakana masamu amenewa ayenera kubweretsa ake, ndipo iwo analibe.

Loko ndinakaniratu. Ndinali ndi uthenga womwe ndinawatumizira miyezi 8 ndisanatuluke wowauza kuti kiyi akuvuta kutembenuka, iwo n'kuyankha kuti atumiza munthu, yemwe sanabwere. Galasi ndinavomera lonse, 15, chifukwa tinaswadi ndife. Kuvomera chomwe chili chanu kumathandiza: kalata imaoneka ya munthu woona mtima, ndipo mkangano umatsala pa zinthu zochepa. Madzi ndinalipira onse 15 mtima ukuwawa, ngakhale biluyo inaphatikiza masiku omwe ndinali nditachoka, chifukwa ndinalibe nambala ya pamita. Pa kukolopa tinagawana pakati, ndinavomera 15. Ndikanakhala ndi chithunzi chimodzi cha khitchini sindikanalipira kanthu. Kumbukiraninso kuti muyeso wa ukhondo ndi mmene munaipezera nyumbayo, osati mmene eni ake akufunira kuti wolowa wina aipeze.

Zonsezi zilembeni m'kalata imodzi yaifupi. Tchulani tsiku lomwe munalowa ndi lomwe munatuluka, ndalama ya depoziti, chinthu chilichonse chomwe adula ndi yankho lanu, ndalama yomwe mukuvomera, ndi yomwe mukufuna ibwere. Ine ndinavomera 51 n'kufuna 149. Perekani masiku 14, tchulani deti lenileni, ndipo nenani kuti likadutsa mukadandaula kubwalo la milandu. Osatukwana, osaopseza kuti muwayalutsa, chifukwa kalatayi mwina adzaiwerenga woweruza. Sungani kope. Ngati nyumbayo munaipeza kudzera mwa ejenti, tumizani kwa onse awiri, kuti asamakankhirane mpira wina n'kumati ndalama ili kwa mnzake.

Akakupatsani ndalama yochepa, landirani, koma lembani palisiti kuti mwalandira gawo chabe ndipo yotsala ndi yakuti. Pepala lonena kuti nkhani yathera pomwepo musasaine ngati simunakhutire.

Akakhala chete, pitani kubwalo loweruza milandu ing'onoing'ono ya ndalama. M'mayiko ambiri kumeneko sikufunika loya. Funsani kalaliki za fomu, ndalama yolembetsera ndi malire a nthawi yosumira. Mayiko ena ali ndi mabungwe osunga madepoziti kapena oweruza nkhani za lendi, ndiye fufuzani kaye ngati kwanuko alipo. Tengani makope atatu a chilichonse, zithunzi zosindikiza papepala. Ine sindinafike kumeneko: pa tsiku la 12 ndalama inalowa, 149, popanda ngakhale uthenga wotsagana nayo.