Momwe mungalembere tsiku lobadwa pa fomu osasinthanitsa tsiku ndi mwezi

Amene mudabadwa pakati pa tsiku la 1 ndi la 12 pa mwezi, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Anzanu obadwa pa 13 kupita mtsogolo ali ndi mwayi chifukwa kulibe mwezi wa 13, ndiye akalakwitsa kompyuta imakana pompo, ngakhale munthu wowerenga pepala amaona yekha kuti 25 singakhale mwezi. Koma inu mukasinthanitsa manambala fomu imangolandira bwinobwino osadandaula, mumadzazindikira mochedwa zinthu zitavuta kale.

Tiyerekeze munthu adabadwa pa 4 Novembala 2007. Maiko ambiri, monga a mu Africa muno ndi ku Ulaya, amayamba tsiku kenako mwezi, chaka kumapeto, ndiye amalemba 04/11/2007. Ku America amayamba mwezi, deti lomwelo limakhala 11/04/2007. Tsono akatenga 04/11/2007 yomwe anazolowera ija nkukaiponya pa fomu ya ku America, iwo awerenga kuti 11 Epulo, munthu wakula ndi miyezi pafupifupi 7 osadziwa, ndipo fomu ndi pasipoti zayamba kutsutsana.

Choyamba musanalembe nambala iliyonse yang'anani tizilembo tili m'bokosimo kapena pansi pake. DD ndi tsiku, MM ndi mwezi, YYYY ndi chaka. Mukaona DD/MM/YYYY yambani tsiku, mukaona MM/DD/YYYY yambani mwezi. Palinso YYYY-MM-DD, iyi ndi ya muyezo wa ISO 8601, imayamba chaka kenako mwezi, tsiku kumapeto, munthu wathu uja alemba 2007-11-04. Vuto lake pafoni tizilembo timeneti timakhala totuwa komanso timasowa mukangoyamba kutayipa, ndiye werengani kaye chala chisanagunde.

Kuchuluka kwa zilembo kumakuuzaninso manambala angati akufunika. DD ndi awiri, choncho tsiku la 4 ndi 04 osati 4 yekha, apo ayi pa fomu ya mabokosi manambala onse asendera malo amodzi nkukhala zosamveka. YYYY ndi chaka chonse, 2007 osati 07. Mukaona MMM zitatu akufuna mwezi m'zilembo, monga NOV.

Nanga fomu ikakhala kuti siyikunena chilichonse? Apa mpamene ambiri timangolemba mwachizolowezi basi. Ngati ndi yapepala, ine ndimati lembani mwezi m'mawu, 04 NOV 2007, palibe angawerenge molakwika zimenezo kaya ali dziko liti. Ngati mabokosi akufuna manambala okhaokha fufuzani deti lina lomwe lasindikizidwa kale pa fomupo kapena pa kalata yomwe yabwera nayo, makamaka lomwe tsiku lake lapitirira 12. Mukapeza 06/30/2025 mwadziwa kuti eni ake amayamba mwezi, popeza 30 yakhala pakati. Likasowa funsani amene wakupatsani fomuyo, ndi bwino kufunsa kusiyana nkufuta.

Ikakhala ya pa intaneti pali kanjira kophweka. Yesani kaye kulemba 25/01/2000. Ikalandira ndiye kuti tsiku limayamba, ikafiira nkunena kuti deti ndi lolakwika ndiye kuti mwina ikufuna mwezi kapena chaka poyamba. Mukatero fufutani mulembe lanu lenileni, chonde musaiwale pamenepa. Mafomu ena amaona zolakwika pokhapokha mukadina batani lopitira patsogolo, ndiye ikangokhala chete musafulumire kukhulupirira kuti yavomera. Pakakhala kakalendala gwiritsani ntchito komweko, mwezi umaoneka ndi dzina lake. Dziwaninso kuti fomu imodzimodzi itha kuoneka mosiyana pa mafoni awiri, chifukwa bokosi la deti nthawi zina limatsatira chilankhulo chomwe chinaikidwa mu foni kapena kompyutayo, choncho musakopere mmene mnzanu walembera pa foni yake.

Mukamalemba khalani ndi chiphaso pafupi, osadalira mutu, makamaka mukamalembera mwana kapena kholo. Pasipoti zambiri zimalemba mwezi m'zilembo patsamba la chithunzi lija. Mizere iwiri ya pansi yomwe imawerengedwa ndi makina ili ndi dongosolo lakelake, chaka manambala awiri, mwezi, tsiku, ndiye 071104 ndi 4 Novembala 2007 yomweyo, musaikopere mmene ilili.

Musanatumize, pa tsamba loonetsa zonse zomwe mwalemba, werengani detilo mokweza ngati mukuuza munthu, tsiku lakuti mwezi wakuti, nkufananiza ndi chiphaso. Mukazindikira mutatumiza kale musadikire tsiku la intavyu kapena la ulendo, lemberani ofesiyo msanga, mwezi muulembe m'mawu, muikeponso chithunzi cha tsamba la chiphaso pomwe pali deti lolondola.