Lemberani kaye eni fayilo musanaike shiti yodzitengera yokha manambala

Ngati mukugwira ntchito mu ofesi ku Joni kapena ku Mangalande, ndipo abwana akuti shiti ya Excel izidzitengera yokha manambala atsopano tsiku lililonse, musathamangire Power Query, chida cha mu Excel chokokera manambala kuchokera kwina. Yambani ndi imelo yopita kwa eni fayilo imene manambalawo azichokera. Shiti yotere ikalakwa sikuwa ayi, imangoonetsa manambala adzulo ngati alero.

Tione za mitengo ya ndalama ya European Central Bank, momwe muli randi ndi paundi (kwacha yathu mulibe). Bankiyi imatulutsa mitengo cha m'ma 16:00 nthawi ya ku Frankfurt. Ku Joni ndi ku Lilongwe wotchi sisintha, koma ku Ulaya imasintha, choncho fayilo yofika 16:00 mu Julayi imafika 17:00 mu Januwale. Amene anatchera shiti yake pa 16:30 miyezi yonse yozizira ya ku Ulaya azitenga zadzulo. Loweruka, Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi pa 1 Meyi sikutuluka kanthu.

Nawo maonekedwe a fayilo amasintha. Croatia italowa mu yuro mu Januwale 2023, mtengo wa `HRK`, ndalama yake yakale, unaleka kutuluka. Danga limodzi likachoka chonchi, shiti yowerenga "danga lachisanu ndi chinayi" m'malo mwa dzina la danga imatola ndalama ya dziko lina osadandaula. Komanso makompyuta ambiri a ku South Africa amalemba 19,85 pamene a ku Mangalande amalemba 19.85, ndiye fayilo imodzimodziyo ya CSV, mtundu wolekanitsa madanga ndi chizindikiro monga koma, ikhoza kutseguka bwino kwa mnzanu, kwa inu n'kuunjikana m'danga limodzi.

Mabanki aakulu zambiri mwa izi amalemberatu poyera. Kampani yaing'ono yokutumizirani mitengo ya katundu ndiye mpaka muifunse. Imeloyo ikhale yaifupi, mfundo zake izi, m'chiyankhulo cha kuntchito kwanu:

"Tikufuna kuti makina athu azitenga okha fayilo yanu ya mitengo. Kodi imatuluka masiku ati, nthawi yanji pa UTC, nanga pa holide mumatani? Manambala akatuluka, mumadzawakonzanso pambuyo pake? Dzina la fayilo ndi malo ake zimasintha? Tiuzeninso ngati ndi CSV kapena XLSX, chizindikiro cholekanitsa madanga, kalembedwe ka deti, ndi chimene mumalemba nambala ikasowa. Mukafuna kusintha madanga, mumadziwitsa bwanji? Chonde titumizireni mafayilo awiri a masiku osiyana."

Funso la kukonzanso lija ambiri amalidumpha, koma ndi limene limakuuzani kamangidwe. Akati sakonza, muzingowonjezera mzere walero. Akati amakonza, muzitenga fayilo yonse mwatsopano, apo ayi nambala yolakwika ikhalabe m'shiti mwanu.

Mafayilo awiriwo atsegulireni mu Notepad, osati mu Excel, chifukwa Excel imasintha madeti mwakachetechete. Mukaona 03/04/2025, bwererani mukafunse ngati ndi Epulo kapena Malichi. Yankho lawo lisungeni, ndipo pamwamba pa shiti ikani deti lochokera m'kati mwa fayilo, lizifiira likakhala lakale.