Momwe mungapewere kuluza malikisi a Fizikisi chifukwa cha mayunitsi, fomula ili yolondola

Wophunzira akalandira pepala lake la Fizikisi n'kupeza kuti fomula analemba yolondola koma yankho lathethedwa, kawirikawiri amaganiza kuti wochonga wamulakwira. Nthawi zambiri vuto limakhala pa mayunitsi, ndiye kuti miyeso monga mita, sekondi ndi kilogalamu, yomwe imatiuza kuti nambala ikuimira chiyani. Mwina sanawalembe konse kumapeto kwa yankho, kapena analowetsa mu fomula manambala a miyeso yosagwirizana. Zolakwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo chachiwiricho ndicho chimawononga kwambiri, chifukwa chimasintha nambala yeniyeniyo.

Tiyeni titsatire funso limodzi la mtundu umene wophunzira wokonzekera mayeso a MSCE angakumane nalo. Minibasi yolemera makilogalamu 1500 ikuthamanga pa liwiro la makilomita 72 pa ola, ndipo tikufunsidwa kupeza mphamvu imene ili nayo chifukwa cha kuyendako. Fomula yake ndi KE = ½mv², pomwe KE ndi mphamvuyo, m ndi kulemera ndipo v ndi liwiro. Wophunzira wina analemba fomulayi bwinobwino, kenaka analemba ½ × 1500 × 72², kalikuleta inamupatsa 3 888 000, ndipo iye anawonjezera J kumapeto. Yankholi n'lolakwika, ngakhale kuti pa kuchulukitsa sanaphonye paliponse.

Chifukwa chake chili m'tanthauzo la J. Chilembochi chikuimira julu, ndipo julu imodzi ndi kilogalamu imodzi kuchulukitsa ndi mita pa sekondi kawiri, zomwe zimalembedwa kuti 1 J = 1 kg m²/s². Choncho fomulayi imatulutsa majulu pokhapokha kulemera kwalowa m'makilogalamu ndipo liwiro lalowa m'mamita pa sekondi. Fomula siidziwa kuti 72 uja ndi wa makilomita pa ola, kalikuleta nayo siidziwa. Woyenera kudziwa ndi amene akulemba. Nambala 3 888 000 ndi yoona ngati titaitchula ndi muyeso wa kilogalamu, kilomita ndi ola, koma kuilembera J n'kunena chinthu chimene si choona.

Choyamba chimene muyenera kuchita, musanalembe fomula, ndi kulemba pambali zonse zimene funso lapereka, chilichonse pamodzi ndi yuniti yake: m = 1500 kg, v = 72 km/h. Ophunzira ambiri amadumpha gawo limeneli poopa kutha kwa nthawi, koma ndi pamenepa pamene diso limagwira kuti km/h si ya m'gulu la mayunitsi a SI, omwe mayiko anagwirizana mu 1960 ndipo maziko ake pa nkhani za kuyenda kwa zinthu ndi mita, kilogalamu ndi sekondi.

Chachiwiri ndi kusintha chilichonse chosagwirizana, ndipo kusinthako kulembedwe poyera papepala. Kilomita imodzi ndi mamita 1000, pomwe ola limodzi ndi masekondi 3600. Makilomita 72 pa ola ndiye kuti mamita 72 000 m'masekondi 3600, ndipo tikagawa timapeza mamita 20 pa sekondi. Njira yachidule ndi kugawa ndi 3.6, koma ine ndimalimbikitsa kuti wophunzira ayambe wazolowera njira yaitaliyo, popeza amene angoloweza 3.6 amasokonezeka m'chipinda cha mayeso n'kuchulukitsa pomwe amayenera kugawa. Ngati mwakayikira, kumbukirani kuti mtunda umene galimoto imayenda pa sekondi imodzi ndi waufupi, choncho nambala ya m/s iyenera kukhala yocheperapo kuposa ya km/h.

Chachitatu ndi kulowetsa manambala mu fomula osasiya mayunitsi ake m'mbuyo. Lembani KE = ½ × 1500 kg × (20 m/s)². Liwiro likachulukitsidwa ndi lokha limapereka 400 m²/s², theka la 1500 ndi 750, ndipo 750 kuchulukitsa ndi 400 ndi 300 000. Mayunitsi otsala ndi kg m²/s², omwe ndi julu ija, kusonyeza kuti yankho ndi 300 000 J, kapena 300 kJ. Ubwino wa kalembedwe kotere ndi wakuti mzere womwewo umakuchenjezani: mukaona h kapena km ikadali pamzere womaliza, dziwani kuti pali chimene simunasinthe.

Onani kukula kwa kusiyanaku. Yankho lolakwika lija ndi lalikulu kuwirikiza 12.96 poyerekeza ndi lolondola, ndipo 12.96 ndi 3.6 kuchulukitsa ndi 3.6, chifukwa fomula imachulukitsa liwiro ndi lokha, motero cholakwacho nacho chimachulukitsidwa ndi chokha. Iyi ndi njira yabwino yofufuzira pepala limene labwezedwa. Gawani yankho lanu ndi la mphunzitsi, chachikulu ndi chaching'ono. Mukapeza 3.6 kapena 12.96, munasiya liwiro mu km/h. Mukapeza 1000, mwina munasiya magalamu m'malo mwa makilogalamu, ndipo mukapeza 60, mphindi sizinasinthidwe kukhala masekondi. Mukapeza 100 pa funso la kukula kwa malo, n'kutheka kuti munasintha cm² ngati kuti ndi masentimita wamba, pomwe 1 m² ndi 10 000 cm², osati 100.

Tibwere tsopano kwa wophunzira amene anachita zonsezi molondola koma anangolemba 300 000 popanda kanthu kumapeto. Iyeyu amamva kuwawa kwambiri, ndipo n'zomveka, komabe wochonga sanamulakwire. Munthu akakuuzani kuti wagula nsalu 4, mumafunsa ngati ndi mamita kapena mayadi, ndipo mu Fizikisi funso limenelo ndi gawo la yankho. Pa funso lathuli, 300 000 ndi 300 onse ndi olondola malinga ndi yuniti imene yatsatira, J kapena kJ, kotero nambala yopanda yuniti siimupatsa wochonga umboni woti wophunzirayo akudziwa chimene wapeza. Aphunzitsi ambiri amagawa malikisi pakati pa fomula, kulowetsa manambala ndi yankho lomaliza, n'chifukwa chake kulemba njira yonse kumapulumutsa malikisi ena ngakhale la kumapeto litatayika.

Kusokoneza mayunitsi si vuto la m'kalasi lokha. Mu 1999 bungwe lofufuza zam'mlengalenga la NASA ku Amerika linataya chombo chake cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina ya pakompyuta inkatulutsa manambala m'miyeso ya mapaundi, pomwe ina yolandira manambalawo inkawawerenga ngati a manyutoni. Kusiyana kwake kunali kuwirikiza pafupifupi 4.45, ndipo chombocho chinadutsa pafupi kwambiri ndi pulaneti ya Mars kuposa mmene chinayenera.

Chomaliza, musanapite ku funso lina, werenganinso chiganizo chomaliza cha funso kuti muone ngati latchula yuniti imene likufuna, chifukwa likati yankho likhale mu kJ, muyenera kulemba 300 kJ. Samalaninso ndi kukula kwa zilembo. Kilogalamu imalembedwa kg, osati Kg, ndipo julu ndi J wamkulu. Pa mJ ndi MJ ndiye pofunika kusamala kwenikweni, pakuti m wamng'ono amatanthauza gawo limodzi mwa magawo 1000 a julu, pomwe M wamkulu amatanthauza majulu 1 000 000.