Kugulitsa katundu wa kumudzi uli ku Joni: mtengo muuike bwanji, katundu afike bwanji

Katundu wa pagolosale musamunyamule kuchokera ku Joni. Mtengo wa basi, msonkho wa pachipata cha Mwanza ndi masiku apanjira zidzadya phindu lonse. Kasitomala wa ku Joni wofuna kugulira abale ake kumudzi alipire ma randi kwa inu, koma shuga ndi sopo zigulidwe pafupi ndi kwawo kwa wolandira.

Yambani ndi boma limodzi lomwe mukulidziwa, monga Mangochi kapena Mzimba. Pezani golosale imodzi ya pikulitsa paboma, mugwirizane ndi mwini wake kuti azikutumizirani mitengo Lolemba lililonse. Pa WhatsApp Business ikani mapaketi atatu kapena anayi okha, osati zinthu zana. Paketi imodzi ikhoza kukhala mpunga makilogalamu 10, shuga mapaketi 5, mafuta ophikira malita 5, mchere, sopo ndi nyemba.

Pomwe ambiri amagwera ndi pamtengo. Tiyerekeze kuti randi imodzi ikusintha K100, paketi ija ili pa K80,000, ndipo wa kabaza akufuna K6,000. Zonse ndi K86,000, kapena R860. Onjezani R40 yotumizira ndalama ndi R90 ya phindu lanu, mtengo ukhale R990. Tsono mukasunga ndalamayo sabata yathunthu, mafuta ndi shuga n'kukwera ndi K8,000, mwatsala ndi R10 yokha. N'chifukwa chake lembani pansi pa paketi iliyonse kuti mtengowu ndi wa masiku 7, ndipo oda ikalipiridwa katundu agulidwe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musasungenso ndalama zambiri m'makwacha podikira maoda. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi makwacha m'manja anapeza kuti sakugulanso katundu yemwe ankagula dzulo lake.

Ndalama tumizani kudzera ku makampani ovomerezeka monga Mukuru, zifikire pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena akaunti ya kubanki ya golosaleyo. Osintha ndalama amseri amakopa ndi mtengo wabwino, koma n'zoletsedwa, ndipo ndalama ikasowa mulibe risiti yoonetsa.

Mkangano wina umabuka pakhomo. Wotumiza akuti mayi ake sanalandire mafuta, wa kabaza akulumbira kuti anapereka zonse. Pothana ndi izi, mpatseni kasitomala nambala yachinsinsi ya manambala anayi, iye aiuze wolandira yekha, ndipo wolandirayo aiuze wa kabaza akalandira katundu yense. Wa kabaza alipidwe akakuuzani nambalayo ndi kutumiza chithunzi cha katundu atayalidwa pamkeka, chilichonse chikuoneka. Tengani manambala a foni awiri, chifukwa foni ya agogo imakhala yothima masiku angapo, komanso chizindikiro cha malo monga chigayo, mjigo kapena mzikiti.

Shuga akasowa m'sitolo, wa golosale asasinthe yekha n'kuikamo china. Ayambe waimba, inu mufunse kasitomala ngati akufuna katundu wina kapena kubwezeredwa ndalama ya shugayo.