Momwe mungachitire mayere pa kafukufuku wa zaumoyo m'madera

Tiyerekeze mukufuna kudziwa ngati bipi ya anthu imatsika alangizi a zaumoyo akamawayendera pakhomo mwezi ndi mwezi. Muli ndi madera 12, 6 ku Ndirande 6 ku Bangwe, chilolezo cha COMREC, komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo, mwatenga kale. Mayere ndi amene asankhe madera oti aziyenderedwa ndi oti asayenderedwe.

Poyamba, mayerewo chitirani madera osati munthu payekhapayekha, chifukwa mlangizi sangalowe nyumba iyi nkudumpha ya aneba, ndiponso anthu amauzana pa mpope zomwe amva. Jambulani malire pa mapu, musiye kampata pakati pa madera oyandikana.

Kenako, ndipo apa mpomwe ambiri amalakwitsa, lembani anthu onse olowa nawo, asaine kalata yovomera, muwayeze bipi yoyamba mayere asanachitike. Wolemba anthu akadziwa kuti dera ili ndi loyenderedwa mtima umamukoka, amayamba kusakasaka agogo odwalika kuti athandizidwe, kwinako nkumangolemba aliyense amene wampeza pakhomo. Sikuti ndi woipa mtima ayi, koma magulu awiriwo asiyana kale musanayambe ndipo palibe masamu amene angakonze zimenezo bwinobwino.

Tsiku la mayere itanani mafumu ndi makomiti a zaumoyo. Ikani timipira 6 tofanana kukula ndi kulemera m'thumba losaonekera mkati, kalikonse kali ndi nambala ya dera la ku Ndirande. Lengezani musanatole kuti 3 toyamba kutuluka ndi madera oyenderedwa, otsalawo apitiriza kulandira chithandizo cha masiku onse ku chipatala. Chitaninso chimodzimodzi ndi Bangwe. Mukasakaniza onse 12 m'thumba limodzi zitha kuchitika kuti 5 mwa 6 oyenderedwa onse ndi a ku Ndirande, ndiye simudzadziwa ngati chatsitsa bipi ndi mlangizi kapena dera. Chatuluka chatuluka, ngakhale amfumu adandaule kuti kwawo kuli odwala ambiri musasinthe, lembani pompo mboni zisaine.

Za kubisa kuti dera lili gulu liti, anthu simungawabisire, akuona okha mlangizi akugogoda pakhomo. Amene mungawabisire ndi oyeza bipi kumapeto. Akhale gulu lina lomwe pa mayere panalibe, agwiritse makina oonetsa okha nambala osati omvetsera ndi khutu aja poti munthu amatha kukokera nambala komwe akufuna, ndipo muwapemphe oyezedwa asatchule za mlangizi. Wowerengetsa zotsatira mumpatse magulu olembedwa A ndi B basi.

Kuti mudziwe ngati chinsinsi chinaululika, funsani oyezawo aganizire gulu la dera lililonse, akalondola pafupifupi onse ndiye kuti anadziwa. Onaninso madeti m'kaundula, mukapeza maina olembedwa mayere atachitika kale, makamaka ochuluka mbali ya oyenderedwa, awerengeni padera ndipo mulembe zimenezo mu lipoti.